Zikomo pa chinkhoswe cha mwana wanga, zikomonso achimwene pa uthenga wachiwiri uja

Chinkhoswe cha mwana wanga woyamba chinatheka Loweruka lija kwathu ku Linthipe, ndiye ndati ndithokoze. Amayi a chigwirizano amene munachezera pamoto kuyambira Lachisanu, anyamata amene munazika tenti ndi kututa mipando pa ngolo, apongozi athu a ku Mitundu amene munafika pa nthawi yake tambala ali m'manja, Mulungu abwezeretse pomwe mwachotsa.

Koma ambiri munaona kuti pa nthawi yosinthana nkhuku panali kachisokonezo kuchikazi kuno, ndipo manong'onong'o ndawamva. Mwini wake wandilola kuti ndifotokoze.

Mlongo wanga wamng'ono, amene amagwira ntchito ku Blantyre, ndiye tinamusankha kukhala nkhoswe yaing'ono. Atsibweni athu aakulu akalamba, miyendo ikuwavuta, choncho woimirira kulandira tambala wa kuchimuna ndi kupereka thadzi lathu anayenera kukhala iyeyo. Sanabwere. Sanadwale, galimoto silinafere panjira, anangoiwala. M'mutu mwake chinkhoswe chinali cha Loweruka linalo. Titamuimbira cha m'ma 9 koloko foni inali yothima, poti anagwira ntchito usiku n'kukagona. Ngakhale akanayankha, kuchoka pa Wenela kudzera Zalewa, Balaka, Ntcheu mpaka kudutsa Dedza si ulendo wa maola ochepera anayi. Mwana wa amayi aang'ono ndiye anaimirira m'malo mwake, atavala jekete yobwereka yosafika m'mikono. Iwe mbale wanga, zikomo, unatiphimba maliseche.

Madzulo ake pa gulu la banja la WhatsApp panagwa uthenga: "Pepani ngati ena mwakhumudwa, ntchito yandipanikiza sabata ino. Ndatumiza kangachepe." Nthawi yomweyo foni yanga inalira, K50,000 yalowa pa Airtel Money.

Kusabwera kuja kunandipweteka, koma uthenga umenewu ndiwo unandiwiritsa mtima. Unalembedwa pagulu la anthu oposa makumi awiri, pomwe wochita manyazi ndinali ine ndi mwana wanga. Sunatchule chinkhoswe. Unasiya mlandu pa ntchito, ngati kuti bwana ndiye anafufuta tsikulo m'mutu mwake. Ndipo ndalama ikafika limodzi ndi pepani wotere, umamva ngati akukugula pakamwa. Pagulupo ena anaika timanja topemphera, ena nkhope zoseka, nkhani n'kuoneka ngati yatha. Ine sindinayankhe.

Apa ndithokoze amayi aang'ono. Lamulungu atatuluka m'tchalitchi anamuimbira, ndipo sanamutukwane. Anangomufunsa kuti walakwira gulu kapena walakwira mlongo wake, nanga mu uthenga wakewo paliponso pomwe wanena chomwe wachita? Akuti kunali zii kwa kanthawi.

Lolemba m'mawa ndili pa mzere wa kuchigayo, ufa uli mbuu m'manja, kunabwera uthenga wina, uwu kwa ine ndekha:

"Achemwali, ndinaiwala tsiku la chinkhoswe cha mwana wathu. Munandiuza, munandikumbutsanso, ine sindinalembe paliponse. Ndakuchititsani manyazi pamaso pa apongozi, ndipo mwana anayang'ana atsibweni ake osawaona. Ndalakwa, pepani. Ndalama ija si chipepeso, ndi gawo langa la chinkhoswe lomwe ndinayenera kutumiza kalekale. Loweruka ndikwera basi yam'mawa, ndidzagwade kwa inu ndi kwa atsibweni aakulu, ndipo mukalola tikaonekere kwa ankhoswe akuchimuna. Sindikukakamizani kuyankha lero. Mukandilola kuimba, ndiimba."

Ndinauwerenga n'kubweza foni m'chitenje, kenako n'kuitulutsanso.

Chomwe chinandifewetsa ndi choti anayamba ndi choona chimene ndinali kuchidziwa kale. Munthu woiwalidwa amakhala atafufuza, amadziwa kuti sunagonekedwe kuchipatala, ndiye ukabwera ndi zifukwa zambirimbiri amangoyamba kuzitsutsa chimodzichimodzi m'mtima mwake, kupepesa kuja osakumvanso. Zoti anagwira ntchito usiku n'zoona ndithu, koma anazisunga mpaka nditamufunsa ndekha pamaso. Pamenepo ndinazimva ngati nkhani chabe, osati ngati pobisalira.

Chinanso, anaona mwana. Ine ndinali wotanganidwa ndi manyazi anga moti ndinaiwala kuti mtsikana uja, atamuvundukula chitenje anthu akululutira, maso ake anapita pa mpando wa atsibweni ake. Uthengawu utatchula zimenezo ndinadziwa kuti munthuyu wakhala pansi n'kuliona tsikulo mmene tinalionera ife. Ndinamva pambuyo pake kuti mlongo wangayo anamulemberanso mwanayo uthenga wake payekha, waufupi, osadzera mwa ine. Anachita bwino, chifukwa mwana wotomeredwa si khanda loti n'kumupepesa kudzera mwa make.

Za kusandikakamiza kuyankha ndiye ndinazigwiritsa ntchito mokwanira. Timizere tiwiri tija tinasanduka tabuluu Lolemba, yankho langa linapita Lachitatu, ndipo linali la mawu awiri: "Bwera Loweruka." Pakatipo sanatumize "mwauona uthenga wanga?" ngakhale kamodzi, sanatumenso mkazi wake kudzandinyengerera. Akanatero, ndikudzidziwa ine, tikanayambiranso pachiyambi.

Komabe tisanamizane, uthenga wa pafoni uli ndi malire ake. Pa nkhani ya tsiku lobadwa mwina n'kuthera pomwepo. Chinkhoswe n'china. Nkhoswe si mlendo wodzadya mpunga. Ntchito yake imayamba mwambo ukatha: ana aja akadzakangana, kukagwa matenda kapena maliro, akuchimuna amafuna munthu amene akumudziwa nkhope, amene anamupatsa tambala m'manja. Zimenezo sungazikonze ndi zala. Ubwino wa uthenga wachiwiri uja unali woti unanena tsiku, basi, ndi makomo oti akagogode, kotero ndinali ndi poyesera ngati akunena zoona.

Anafika cha kumasana, nkhuku ili kukhwapa, shuga ndi sopo wa atsibweni zili m'jumbo. Anakana mpando, anakhala pamphasa. Atsibweni aakulu anamusiya alankhule mpaka kumaliza, kenako anati madzi akatayika saoleka, koma munthu ukhoza kukatunga ena, ndiye mawa m'mamawa apite ku Mitundu. Tinapitadi. Ankhoswe akuchimuna, inu ndiye mwandiphunzitsa ulemu. Munatilandira ngati palibe chinachitika, munamumvera, kenako munamuseka pang'ono kuti tambala wake anadyedwa ndi wina, n'kupatsana naye manambala a foni. Zikomo kwambiri.

Achimwene, pamaso ndinalephera kuyankhula bwino chifukwa cha misozi, ndiye imva pano: zikomo kuti sunaumirire pa uthenga woyamba uja. Ndakukhululukira, ndipo usamvenso za nkhaniyi kwa ine. Kwa azisuwani ako sindingakulonjeze, akuti azikutchula "a Loweruka linalo" mpaka ukalamba.

Ukwati uliko mu Okutobala. Komiti yamupatsa iyeyo udindo wa magalimoto, ndipo tsikulo walilemba mufoni, pa kalendala ya kuntchito, komanso mkazi wake walilemba ndi makala kuseri kwa chitseko cha khitchini. Amene mapoto ndi mabeseni anu adakali kwathu, mwana adzakubweretserani sabata ino. Pali poto mmodzi wamkulu wa chigamba pansi amene sitikumudziwa mwini wake, ngati ndi wanu ndiimbireni.