Deti ndi nambala, basi

Mtima wakhala m'malo tsopano. Ndakhala ndikulimbana ndi mndandanda wa zopereka za gulu lathu la maliro la Amalawi kuno ku Joni, womwe alembi osiyanasiyana analemba aliyense mwa njira yake: wina 25.01.2024, wina 2024-01-25, wina 3/4/2024. Ndikati ndisanje, 01.12.2024 ankakhala pamwamba pa 25.01.2024, Disembala kutsogola Januwale. Kwa Excel amenewa anali mawu chabe, ndiye imangoyerekeza zilembo kuyambira kumanzere.

Chomwe chanditsegula maso ndi chakuti deti leniyeni mu Excel ndi nambala yowerenga masiku. 1 Januwale 1900 ndi 1, ndipo 1 Januwale 2024 ndi 45292. Zija timaona pasikirini ndi malaya chabe omwe nambalayo yavala. N'chifukwa chake kusintha kaonekedwe ku Format Cells sikuthandiza ngati m'katimo muli mawu. Kuyesa kwake n'kosavuta: `=ISNUMBER(A2)`. Ikayankha FALSE, limenelo si deti, ngakhale lioneke bwino chotani.

Ine ndakonda kuphwanya mawuwo n'kumanga deti ndekha. Pa 25.01.2024 ndimalemba:

```
=DATE(RIGHT(A2,4),MID(A2,4,2),LEFT(A2,2))
```

Chaka chimachokera ku zilembo zinayi zakumapeto, mwezi pakati, tsiku kumayambiriro. Pa 2024-01-25 mumangotembenuza, chaka kumanzere, mwezi kuyambira pachilembo chachisanu ndi chimodzi. Anzanga amakonda Text to Columns, ena DATEVALUE, koma kwa ine palibe yoposa iyi, poti ndine ndimauza kompyuta kuti mwezi ndi uti, osati iyo kundiganizira malinga ndi mmene anaitcherera.

Komabe pamafunika maso. Pa 3/4/2024, popanda maziro, LEFT imatenga "3/" n'kubweretsa #VALUE!. Limenelo ndi vuto labwino chifukwa limaoneka. Loopsa ndi la munthu wolemba mwa Chimereka, mwezi poyamba, monga 04/25/2024. DATE sikana mwezi wa 25, imangopitiriza kuwerenga mpaka kukupatsani 4 Januwale 2026. Ndiye ndikamaliza kusanja ndimayang'ana pamwamba ndi pansi penipeni, kumene madeti osokonekera amathawira.

Chondiwawa n'chakuti kukalasi yathu yamadzulo ku Braamfontein aphunzitsi anangodutsapo ngati mphepo. Munthu waweruka kuntchito, wathamangira takisi, ukufika wotopa, iwo akuti "sankhani Short Date" n'kupita mutu wina. Zoti deti ndi nambala sanazitchule n'komwe, chonsecho zonse zagona pamenepo.

Pali mizere ina yomwe yandikanikabe. 03/04/2024 akhoza kukhala 3 Epulo, nambala 45385, kapena 4 Marichi, 45355, ndipo onse awiri ISNUMBER imawavomera. Kwathu timayamba ndi tsiku, koma mlembi wina ankakopera madeti pafoni yake. Kaya ndidalire mizere yoyandikana nayo, kaya ndikafunse malisiti kwa asungichuma, sindinaganize bwinobwino.