Lachinayi: mapepala a thirakitala ndi pampu

Lero ndadzuka m'ma 5 kuti ndimalize mapepala aja a kopaletivi ndisanapite ku sikimu. A tcheyamani anandipatsa mabuku awiri sabata yatha, lina la thirakitala lina la pampu ya petulo ija timathirira kudimba, onse a Chingerezi, akuti mwanawe tiikireni m'Chichewa masamba okhawo onena za sevisi kuti tikakhome m'shedi aliyense aziwerenga yekha. Ine ndimaona ngati ndi ntchito ya madzulo amodzi, koma lero ndi tsiku lachinayi ndili nayobe.

Choyamba chomwe chandivuta ndi mau oti mafuta. Kwathu kuno dizilo ndi mafuta, petulo ndi mafuta, oyilo ndi mafuta, girisi nayenso mafuta. Usiku wa dzulo ndinalemba kuti "onani mafuta m'mawa uliwonse musanalize injini", nde m'mawawu nditawawerengera a draivala angoti eee zimenezo ndimachita kale, thanki ndimayang'ana tsiku lililonse. Iwo amva za dizilo pomwe buku likunena oyilo wa mu injini. Pompo ndafufuta mau oti mafuta papepala ponse, paliponse ndalemba dzina lake lenileni, oyilo wa injini, oyilo wa giyabokosi, dizilo, petulo, girisi. Mau oti "onani" nawonso ndawachotsa chifukwa munthu akhoza kungosuzumira n'kumapita. Pano palembedwa chochita: imitsani thirakitala pamalo osapendekeka injini ili yozima, solorani kawaya koyezera oyilo, pukutani, bwezerani, soloraninso, oyilo akhale pakati pa timizere tiwiri tija. Akakhala pansi pa kamzere kam'munsi onjezerani. Ndipo ndalemba padera kuti kuonjezera ndi kwina kusintha ndi kwina, poti kusintha ndi kukhetsa wakale yense n'kuthira watsopano.

Cha m'ma 9 ndafika ku sikimu ndi pepala la pampu, ndapeza amayi atatu ndi abambo awiri akuthirira chimanga ndi tomato. Apa mpamene ndaona vuto lenileni la ntchitoyi. Buku la injini ya Honda ija limati oyilo woyamba asinthidwe pakatha maola 20 kapena mwezi umodzi, kenako maola 100 aliwonse kapena miyezi 6, chimene chayamba kukwana pa ziwirizo. Ine ndinazimasulira bwinobwino monga zilili. Mayi msungichuma atawerenga akuti nde zili bwinotu, pampu tinagula mu Meyi, tidzasintha mu Novembala. Mau a maola anangowadumpha, osati mwadala ayi, kungoti miyezi munthu amaiona pa kalendala koma maola a injini angawaone pati? Thirakitala ili ndi mita yake yowerenga maola, pampu ilibe kalikonse.

Tinakhala pansi pa mtengo wa mango n'kuwerengera limodzi. Ndawafunsa kuti pampu imalira maola angati patsiku, akuti kuyambira 6 mpaka 10 m'mawa, ndiye kuti maola 4, masiku 5 pa sabata chifukwa Loweruka anthu amapita kumsika ndipo Lamulungu kutchalitchi. Pa sabata ndi maola 20. Maola 100 ndiye kuti akukwana pa masabata 5 okha, osati miyezi 6. Chigulireni mu Meyi padutsa masabata 12, maola ngati 240, kutanthauza kuti oyilo amayenera kukhala atasinthidwa katatu, pa maola 20, pa 120 ndi pa 220. Sanasinthidwepo olo kamodzi, amangoonjezera akaona kuti watsika. Miyezi 6 ija imagwira ntchito pa pampu yongokhala, ngati nthawi ya dzinja imene timaisunga m'shedi, poti oyilo amaonongekabe ngakhale injini isakulira.

Bambo wina amene amadziwako za njinga zamoto anati tiyeni tione pompano. Tinaizimitsa, tinadikira pang'ono, anamasula kabawuti kapansi oyilo adakali wofunda chifukwa wofunda ndi amene amatuluka msanga ndi zinyalala zake zonse. Abale, amene anagwera m'chitini muja anali wakuda bii ngati makala, ndipo nditamugwira pakati pa zala ndimamva timchenga tosalala. Mtima unandiwawa chifukwa pampu imeneyi anthu anasonkherana ndalama za soya kuti agule. Mwayi wake injini isanayambe kufuka utsi wa buluu kapena kugogoda. Kainjini kameneka kamangolowa oyilo pang'ono kupitirira theka la lita, botolo limodzi limatsalako, ndipo buku likuti akhale wa 10W-30. Poyeza, kachivindikiro koyezera oyilo mumangokalowetsa osakapotokola, pampu ili pamalo osapendekeka.

Nde mzere uja ndaulembanso, pano ukuti: "Sinthani oyilo masabata 5 aliwonse nthawi yothirira. Mukachulukitsa maola othirira, masabata achepe." M'munsi mwake ndasiyamo za maola 100 zija kuti asadzaiwale komwe 5 wachokera. Mayi msungichuma aperekanso nzeru yabwino, akuti kope lija amalembamo amene wabwereka pampu ndi ndalama ya petulo liwonjezeredwe mizere iwiri, nthawi yoliza ndi nthawi yozimitsa, Lachisanu lililonse mlembi aziphatikiza. Mu Okutobala kukatentha anthu amathirira m'mawa ndi madzulo omwe, maola akhoza kufika 8 patsiku, apo ndiye kuti masabata awiri ndi theka basi oyilo watha ntchito. Fyuluta ya mpweya buku likuti itsukidwe maola 50 aliwonse, koma ndi fumbi la kuno ndalemba kuti aziyiyang'ana sabata iliyonse, bukulonso limavomereza kuti kwa fumbi zizichitika pafupipafupi.

Pamwamba penipeni pa pepala la pampu ndaika chinthu chimene m'buku chili patsamba lina kutali ndi za sevisi: musalize pampu musanathire madzi m'mimba mwake mpaka kudzadza. Ikalira youma silo ya mkati yotchinga madzi imapsa pakanthawi kochepa, ndipo mudzazindikira poona madzi akudontha pakati pa injini ndi pampu, komanso imavuta kukoka madzi. Izi ndi zoti munthu watsopano amene wangobwereka lero aziwerenge poyamba.

Masana ndabwerera ku shedi kwa a draivala. Za thirakitala zinayenda msanga poti mita ilipo. Buku lathu likuti oyilo wa injini ndi fyuluta yake zisinthidwe pa maola 250, ndipo risiti ya makaniko ikuonetsa kuti anasintha mita ili pa 3,180. Taphatikiza, tapeza 3,430, talemba nambala imeneyi pa kapepala n'kumata ndi selotepi pafupi ndi mita pomwepo. Lero ikuwerenga 3,362, kwatsala maola 68, ndiye ndauza a tcheyamani kuti oyilo ndi fyuluta zigulidwe tisanayambe kugaula minda ya anthu. A draivala anandikonzanso pena, ine ndinalemba kuti "chotsani madzi mu dizilo" iwo akuti achimwene lembani kuti kagalasi ka pansi pa fyuluta, aliyense amakadziwa, madzi amakhala pansi dizilo pamwamba, mumamasula kabawuti mpaka atuluke dizilo yekhayekha. Ndalemba momwemo. Anawonjezanso kuti chivindikiro cha lediyeta chisatsegulidwe injini ili yotentha, ndachilemba ndi zilembo zikuluzikulu.

Mapepala onse awiri ndawakopera bwino usiku uno, mawa ndipita nawo ku boma akandisindikizire n'kuwakutira pulasitiki chifukwa m'shedi muja manja a girisi ndi ambiri. Gawo la malo opopera girisi lokha ndalisiya kaye, a draivala akuti Lolemba tizungulire thirakitala limodzi azindiloza kamodzikamodzi ine ndizijambula.