Tsiku limene ndinasanduka amuna 48

Popeza ena mwa inu mwayamba kale kuifalitsa nkhaniyi mokhotetsa, bola ndiinene ndekha. Inde, kakanema kaja ndinapanga ndine, ndipo munthu wa m'menemo ndine ndemwe. Koma zoti ndinali ndi mikono isanu ndi bodza lamkunkhuniza. Inali itatu, ndipo iwiri mwa iyo inali yozimiririka.

Kanali ka masekondi 4 okha, mafulemu 12 pa sekondi, onse pamodzi 48. Ndinadzijambula ndikuyenda mapazi atatu n'kukweza dzanja, ndipo fulemu iliyonse ndinailowetsa mu img2img, chida cha AI chojambulanso chithunzi chimene wachipatsa, kuti isanduke katuni. Denoising strength ndinaika pa 0.75, seed ndinaisiya pa -1 monga ndinaipezera. Nditatha ndinayang'ana fulemu yoyamba, yapakati ndi yomaliza. Zonse zinali zokongola, ine ndili ndi chibwano chimene makolo anga sanandipatse. Ndinalumikiza, osaonera, n'kukutumizirani. Kulakwa kwanga n'kumeneko basi, ndipo tisanamizane, nanunso mukanatero.

Nditaona kuti mayankho onse ndi kuseka, ndinatsegula ndekha. Abale anga! Pa fulemu 17 shati yanga inali ndi mabatani 5. Pa 18 anatsala 4. Pa 19 anabereka, anakwana 7, limodzi lili pakhosi penipeni ngati chotupa. Wotchi inachoka kumanzere kupita kumanja, kenaka inatopa n'kusanduka chibangili. Koma ndevu ndiye zinandipweteka mtima. Zinamera pa 20, zinametedwa pa 21, pa 22 zinabwerera zili ndi imvi, ndipo pa 23 zinasamukira pansi pa khutu n'kukhala pamenepo mwaulemu ngati zikudikira wina. Ndinaimitsa kanema pa fulemu imeneyo nthawi yaitali, tikuyang'anizana ine ndi bambo ameneyu. Sindikumudziwa, koma amaoneka kuti wavutika m'moyo. Kumbuyo kwake khoma linkaphethira ngati babu lofuna kupsa, zenera likusintha maganizo pa kuchuluka kwa magalasi ake.

Mnzanga wina analemba kuti, "Achimwene, mwa anthu onsewa tilankhule ndi uti?"

Tsono ndidziikire kumbuyo pang'ono. Chida chojambula zithunzichi sichikumbukira chilichonse. Fulemu 18 sidziwa kuti kunali 17. Chimatenga chithunzi chako, n'kuchithira timadontho tachisawawa, kenaka n'kuchotsa timadonthoto kwinaku chikulota chimene chiyenera kukhala pansi pake. Denoising strength ndi muyeso wa kuthirako: pa 0 chithunzi chimabwerera momwe chinalili, pa 1 chako chija chimakhala ngati chaiwalika. Pa 0.75 ndinali nditachipatsa ufulu wolota batani lililonse mwatsopano. Seed ndi nambala imene imasankha kayalidwe ka timadontho tija, ndipo -1 amatanthauza kuti nthawi iliyonse isankhe ina. Kunena kwina, ndinalemba ganyu ojambula 48 osadziwana, aliyense m'chipinda chake.

Usiku womwewo ndinati ndikonze msanga ndisanatchuke. Ndinakhomera seed pa nambala imodzi n'kubwereza zonse. Kuphethira kunachepa ndithu, koma kunabuka chatsopano. Popeza timadontho tinali pamalo omwewo m'fulemu iliyonse, makwinya ndi mizere ya shati inakakamira pa sikirini, ine n'kumadutsa pansi pake ngati munthu woyenda kuseri kwa galasi lakuda. Shati inaima, mwini wake akupita.

Kenaka ndinathamangira ku ffmpeg, pulogalamu yokonzera vidiyo:

```
ffmpeg -i ine.mp4 -vf deflicker=size=5 ine2.mp4
```

Imeneyi imayerekeza kuwala kwa mafulemu 5 oyandikana n'kukusalaza. Khoma linasiya kuthwanima, ndinavomera. Koma deflicker imadziwa kuwala kokha, siwerenga mabatani. Ndevu zinapitiriza ulendo wawo, pano zikuyenda m'kuwala kokhazikika bwino, zooneka bwino kuposa kale.

Apa m'pamene ndinachita chija mukundisekera. Ndinaganiza kuti ngati mafulemu sakugwirizana, ndiwasakanize agwirizane mokakamiza. Ndinaika `tmix=frames=3`, imene imaunjika mafulemu atatu otsatizana kukhala imodzi. Pa zinthu zoima imabisa ndithu. Pa dzanja limene likukwera, imakupatsa manja onse atatu nthawi imodzi. Ndipo chifukwa ndinali ndi tulo, ndinatumizanso osaonera, ndi mawu akuti "ndakonza". Musandifunse.

Chimene chinathandiza ndinachipeza tsiku lachitatu, ndipo n'chochititsa manyazi chifukwa n'chophweka: kusiya kujambulitsa mafulemu onse. Poyamba khoma ndi zenera ndinazijambulitsa kamodzi kokha, chithunzi chimodzi, popeza kamera sinkasuntha, ndipo ine ndinadzidula n'kudziika pamwamba pake. Chinthu chimene sichijambulidwa kawiri sichingaphethire. Ndinajambulanso vidiyo nditavala shati yopanda mizere, wotchi nditavula, chifukwa tinthu ting'onoting'ono ndi timene chida chimalota mosiyanasiyana.

Ndiye ndinasankha mafulemu 4 okha, 1, 16, 32 ndi 48, n'kuwayala m'chithunzi chimodzi, awiri pamwamba awiri pansi. Akajambulidwa pamodzi chotero, chida chimaona nkhope zonse zinayi nthawi imodzi, ndipo zimatuluka zofanana kwambiri kuposa zikajambulidwa payekhapayekha. Mtengo wake ndi kukula: chithunzi cha 1024 mbali zonse chimapatsa fulemu iliyonse 512 yokha. Denoising strength ndinatsitsira pa 0.4, n'kuyatsa ControlNet ya lineart kuti mizere ya thupi langa lenileni igwire chithunzi, chibwano chisapite kumene chikufuna. Chibwano chokongola chija chinathera pomwepo.

Mafulemu 4 amenewo ndinawadula n'kuwapereka ku EbSynth pamodzi ndi vidiyo yoyambirira. Iyo sipeka kanthu. Imatenga utoto wa fulemu yojambulidwa n'kuunyamula kutsatira kayendedwe ka vidiyo, choncho batani likakhala limodzi limakhalabe limodzi. Malire ake ndi akuti singanyamule chimene sinachione. Pa fulemu 27, pamene ndinatembenuza dzanja, chikhatho chinali chisanaonekepo m'mafulemu anayi aja, ndipo chinatuluka chopakika ngati utoto wogwa ndi mvula. Mankhwala ake ndi kujambulitsa fulemu yachisanu pomwepo pa 27, pamene chinthu chatsopano chaonekera.

Ndaphunziranso kuyesa ndisanatumize, ngakhale mochedwa:

```
ffmpeg -i ine5.mp4 -vf format=gbrp,tblend=all_mode=difference,format=yuv420p yeso.mp4
```

Imeneyi imaonetsa kusiyana kwa fulemu ndi inzake yotsatira. Chimene sichinasinthe chimada bii, chimene chasintha chimawala. M'kanema wabwino mumawala m'mphepete mwa chinthu choyenda basi. Nditayesa woyamba uja mwachidwi chabe, sikirini yonse inayaka, khoma, shati, ndevu, ngakhale mpweya.

Womalizayo ndinakutumizirani Lachinayi. Mabatani 5 kuyambira poyamba mpaka pomaliza, mikono iwiri, khoma lili phee. Khutu lamanzere limanjenjemerabe pang'ono chapa fulemu 40, koma muyenera kuchita kulifunafuna. Munaonera anthu awiri. Mmodzi anayankha kuti, "Uja wa ndevu ali kuti? Titumizireni uja."

Ndikadali naye. Sindinamufufute, sindikudziwa chifukwa chake.