Kupempha eni nyumba akale kuti akuchitireni umboni

Ejenti wa nyumba imene ndinkafuna kulowa anandipatsa fomu yokhala ndi malo olembapo dzina ndi nambala ya foni ya eni nyumba amene ndinachitako lendi kale. Anandiuza kuti umboni wawo ukhale utafika pomakwana Lachisanu pa 16 Meyi, apo ayi nyumbayo aipereka kwa wina. Tsiku limene anandiuza zimenezi linali Lachinayi la mlungu wa m'mbuyo mwake. Malowo ndinayamba ndawasiya osalembapo kanthu, chifukwa nambala ya munthu si yanga kuti ndingoipereka iye asakudziwa. Komanso munthu akaimbiridwa foni mwadzidzidzi ndi mlendo womufunsa za munthu amene anachoka m'nyumba mwake kalekale, amayankha mokayika, ndipo wofunsayo amamva kukayikako ngati pali china chimene chikubisidwa.

Ndisanalankhule ndi wina aliyense ndinafunsa ejentiyo zinthu ziwiri: umboniwo aufuna m'njira yanji, nanga adzafunsa mafunso otani. Ena amaimba foni, ena amatumiza fomu pa imelo, ena amafuna kalata yosainidwa. Wanga anati adzatumiza fomu yaifupi pa imelo, ndipo ikapanda kubwera adzaimba. Mafunso ake ndi omwe aja amafunsidwa kawirikawiri: munthuyo anakhala m'nyumbamo kuyambira liti mpaka liti, ankalipira lendi pa nthawi yake kapena ayi, anaisiya nyumba ili bwanji, kunabwerapo madandaulo ochokera kwa anthu oyandikana naye, anadziwitsa nthawi ilipo kuti akutuluka, ndipo kodi mungamulolenso kukhala m'nyumba mwanu. Funso lomalizali ndi limene limalemera kuposa onse, poti yankho lake ndi inde kapena ayi basi.

Ndinali ndi anthu awiri oti ndikanawapempha: eni nyumba imene ndinali kukhalamo pa nthawiyo, ndi mayi ena amene ndinachoka m'nyumba mwawo mu 2023. Ndinasankha mayiwo. Eni nyumba amene ukukhala kwawo pakali pano amakhala ndi mbali pa nkhaniyo: ngati ndiwe wovuta akhoza kukuyamikira kuti uwachokere msanga, ndipo ngati ndiwe wabwino mwina sakufuna kuti uchoke. Amene munasiyana nawo kale alibe chopindula, n'chifukwa chake mawu awo amakhulupirika. Ndiwonso okha amene angayankhe funso la mmene unaisiyira nyumba. Chinthu china choti muone apa ndi chakuti ngati lendi inkadzera kwa ejenti kapena ku kampani yoyang'anira nyumba, pempho lipite kumeneko. Mwini wake weniweni mwina sanakuonenipo n'komwe, pamene ku ofesi kuja kuli mabuku onse a malipiro anu.

Kenako ndinatulutsa mgwirizano wakale wa lendi ndi malisiti kuti nditsimikize miyezi. Zimaoneka ngati zazing'ono, koma inu mukalemba pa fomu kuti munalowa mu Febuluwale 2021, iwo n'kunena kuti zinali chakumapeto kwa chakacho, ejenti amayamba kukayikira zonse zimene mwalemba. Eni nyumba amakhala kuti alandirapo anthu ena angapo inu mutachoka, ndiye musayembekeze kuti azikumbukira masiku anu. Muwakumbutse nokha.

Malisitiwo anasonyezanso kuti mwezi umodzi lendi inachedwa pamene malipiro a kuntchito anachedwa, ngakhale ndinawadziwitsiratu mayi aja ndipo anavomera. Ndinaganiza zoitchula ndekha nkhaniyi, kwa mayiwo ndi kwa ejenti yemwe. Kuchedwa kamodzi kumene munthu wakufotokoza yekha sikuopsa. Kumaopsa ejenti akakumva koyamba pakamwa pa eni nyumba, iwe utalemba pa fomu kuti sunachedwepo.

Tsopano za tsiku lomaliza, pamene pagona nkhani yonse. Tsiku la ejenti linali Lachisanu, koma mayiwo ndinawauza Lachitatu pa 14 Meyi. Masiku awiri apakatiwo ndi osungira zovuta: imelo yosochera, foni yosayankhidwa, ulendo wadzidzidzi, kapena kufunafuna munthu wina ngati iwo alephera. Sindinawanamize kuti Lachitatu ndilo tsiku la ejenti. Ndinanena masiku onse awiri ndi chifukwa chake. Mawu ngati akuti "mukapeza mpata" kapena "posachedwapa" amamveka aulemu, koma sauza munthu kanthu. Munthu wotanganidwa amayamba ndi zinthu zimene zili ndi tsiku, zopanda tsiku n'kumazikankhira mawa. Mutchule dzina la tsiku, deti ndi ola. "Lachitatu likudzali" lokha limasokoneza munthu akawerenga uthengawo mochedwa.

Ndinayamba ndaimba foni, mwachidule. Ndinawalonjera, ndinadzitchula dzina ndi nyumba imene ndinkakhala, n'kuwauza kuti ndili ndi pempho ndipo ndiwatumizira uthenga wofotokoza zonse kuti asavutike kusunga m'mutu. Foni imathandiza kumva mmene munthu walilandirira pempho, koma uthenga wolemba ndi umene umasunga tsiku. Umene ndinatumiza unali wotere:

"Mayi, muli bwanji? Ndine amene ndakuimbirani m'mawa uja, ndinkakhala m'nyumba yanu kuyambira Febuluwale 2021 mpaka Ogasiti 2023. Ndikufuna kulowa nyumba ina, ndipo ejenti wake akufuna umboni wochokera kwa eni nyumba amene ndinakhalako kale. Ndimapempha ngati mungakhale omasuka kundichitira umboni umenewu. Mukavomera, adzakutumizirani fomu yaifupi pa imelo yofunsa za nthawi imene ndinakhalako, kalipiridwe ka lendi ndi mmene ndinaisiyira nyumba. Za mwezi uja lendi inachedwa ndawauza kale, choncho mukhoza kunena mmene zinalili. Iwo akutseka Lachisanu pa 16 Meyi, ndiye ndingathokoze kwambiri fomuyo itabwezedwa pofika Lachitatu pa 14 Meyi, 5 koloko madzulo, kuti pakhale mpata wokonza ngati china chavuta. Ngati nthawiyi siikukwanirani, kapena simungathe pa chifukwa china chilichonse, mungondiuza pofika Lolemba pa 12 Meyi kuti ndione njira ina. Sindidzadandaula ngakhale pang'ono. Kodi mungandilole kuwapatsa nambala yanu ndi imelo yanu? Zikomo kwambiri."

Mawu akuti "ngati mungakhale omasuka" ndinawasankha dala. Sindinkafuna kungodziwa ngati angathe kudzaza fomu, ndinkafuna kudziwa ngati angaidzaze ndi mtima wabwino. Munthu amene ali nawe ndi kanthu kukhosi sanena poyera. Amavomera chifukwa cha manyazi, kenako n'kukayankha mozizira. Ndiye ndi bwino kumutsegulira khomo lokanira. Akakana Lolemba, utsala ndi masiku opezera wina. Akavomera monyinyirika, umadzazindikira nyumba itapita kale. Zizindikiro zake zimamveka pa foni pomwepo: kukhala chete kwa kanthawi, mawu akuti "tiona", kapena kuyamba kukumbutsa za khoma limene anapentanso inu mutachoka. Mukamva zotere, funsani mwaulemu ngati pali nkhani imene inatsala pakati panu. Nthawi zina imakhala bilu ya madzi kapena ya magetsi ya mwezi womaliza imene inafika inu mutatuluka, ndipo kuilipira kumathetsa nkhaniyo tsiku lomwelo.

Onaninso kuti mu uthengamo muli masiku awiri opempha: Lolemba loyankha kuti inde kapena ayi, ndi Lachitatu lobweza fomu. Tsiku loyambalo ndi limene anthu ambiri amaliiwala, n'kumangodikira mpaka nthawi itatha osadziwa ngati munthuyo wavomera.

Sindinawauze zoti akanene. Kukumbutsa munthu miyezi ndi kuthandiza, koma kumupempha kuti akanene kuti sunachedwepo pamene unachedwapo ndi kumuika pa mpanipani, ndipo ambiri amangokana pempho lonse. Ngati ejenti akufuna kalata, mukhoza kudzipereka kulemba mfundo zake, monga masiku, adilesi ndi ndalama ya lendi, kuti iwo aione, asinthe pamene akufuna, asaine. Mawu oyamikira asiyireni eni ake. Sindinapepesenso kambirimbiri. Kupepesa kukachuluka uthenga umatalika, tsiku lija n'kubisika pakati pa mawu.

Mayiwo anayankha Loweruka kuti palibe vuto. Pamenepo m'pamene ndinalemba dzina lawo pa fomu, n'kuwatumizira dzina la ejenti ndi la kampani yake, kuti akaona imelo kapena nambala yachilendo asaganize kuti ndi akuba a pa foni. Ndinawafunsanso nthawi imene amakhala omasuka kulandira foni, ndipo ndinamuuza ejentiyo kuti aziimba masana.

Lachiwiri ndinafunsa ejenti ngati fomu yabwera. Anati ayi. Apa ndi pamene munthu amafuna kuimba foni mobwerezabwereza, koma ndinatumiza uthenga umodzi wokha: "Mayi, mwaswera bwanji? Ndimangofuna kudziwa ngati imelo ya ejenti ija yakufikani. Ngati simukuiona, mwina yalowa kumene kumagwera maimelo osafunika. Tsiku lija ndi mawa Lachitatu, 5 koloko madzulo. Ngati kulemba kukuvuta, ndikhoza kuwauza kuti angokuimbirani. Ndi mafunso ochepa chabe." Chikumbutso chabwino chimafunsa ngati chinthucho chafika, sichifunsa chifukwa chimene munthu sanayankhire. Ndipo kawirikawiri vuto limakhaladi limenelo. Kwa ife zinapezeka kuti ku ofesi ya ejenti anaphonya chilembo chimodzi pa adilesi ya imelo, moti fomuyo sinafike n'komwe. Anaitumizanso, mayiwo n'kuibweza Lachitatu m'mawa.

Akanakhala chete mpaka Lachitatu madzulo, Lachinayi m'mawa ndikanapita kwa ejenti ndi zimene ndinali nditasonkhanitsa kale: mgwirizano wa lendi, malisiti kapena sitetimenti ya kubanki yosonyeza ndalama ikutuluka mwezi ndi mwezi, ndi uthenga wosonyeza kuti dipoziti inabwezedwa. Dipoziti yobwezedwa yonse imayankha bwino funso la mmene nyumba inasiyidwira. Mapepala amenewa salowa m'malo mwa mawu a munthu, ndipo ejenti ena sawalandira okha, koma amapereka chifukwa chopemphera kuti akuwonjezereni masiku, kapena kuti alole umboni wa eni nyumba amene mukukhalako panopa.

Fomu itafika ndinawathokoza mayiwo tsiku lomwelo, osadikira zotsatira, ndipo nyumba itapezeka ndinawadziwitsanso. Mu uthenga womwewo ndinawafunsa ngati angalole kuti ndidzawatchulenso m'tsogolo, n'kuwalonjeza kuti nthawi iliyonse ndizidzayamba ndawauza ndisanapereke nambala yawo kwa munthu. Ndinawapemphanso kalata yaifupi yosainidwa, yokhala ndi deti, miyezi imene ndinakhalako ndi mawu akuti panalibe ngongole yotsala. Anailemba, ndipo ndinaisunga pamodzi ndi mgwirizano wa nyumba yatsopanoyi.