Fomu yolembetsera kalata yathu yatheka, koma DNS inandisautsa

Kalata ya mwezi ndi mwezi ya gulu lathu la alimi a njuchi yayamba kufika kwa anthu, mtima wanga wakhala pansi tsopano. Kupanga fomu sikunavute. Ndinaikapo malo a imelo ndi dzina loyamba basi. Nambala ya foni ndi mudzi sindinafunse, chifukwa chimene sudzagwiritsa ntchito usatolere. Chikadzatayika mlandu ndi wako. Pansi pake ndinalemba kuti kalata imabwera kamodzi pa mwezi, imanena za mitengo ya uchi ndi misonkhano, ndipo wofuna kusiya adina linki ili kumapeto kwa kalata iliyonse. Kabokosi kovomereza ndinakasiya kopanda chizindikiro kuti munthu achonge yekha.

Ndinatsegulanso kutsimikiza kawiri: munthu akalembetsa amalandira imelo, ndipo salowa mumndandanda mpaka atadina linki yake. Izi zimatsekereza maadiresi olakwika ndi anthu olembetsedwa ndi anzawo. Apa mpamene panayambira mavuto. Anthu ankalembetsa, imelo yotsimikiza osaiona, inkathera mu sipamu.

Nditatsegula imelo imodzi mu Gmail n'kudina "Show original", ndinapeza kuti DKIM, siginecha yosonyeza amene watumiza imelo, sikusonyeza domeni yathu, dzina lathu la pa intaneti. Kampani yotumizira makalata inkafuna kuti ndiike mizere yake mu DNS, kaundula wa domeni yathu, ngati umboni woti ili ndi chilolezo chotumiza m'dzina lathu. Koma pasiwedi ya DNS inali ndi amene anatipangira webusaiti. Abale, ndinavutika! Foni osayankha. Ndinapita ku ofesi kwawo, ndinakhala pabenchi kuyambira m'mawa, ati bwana apita kumunda. Atabwera anandilipiritsa ngati akumanga webusaiti yatsopano, pomwe ntchito yake ndi kukopera mizere ya mtundu wa CNAME mu DNS ndi kuwonjezera mzere umodzi wa TXT pa `_dmarc`, wouza olandira chochita ndi imelo yokayikitsa:

```
v=DMARC1; p=none
```

Musanayambe chilichonse, funsani pasiwedi ya DNS. Domeniyo ndi yanu.

Ndakumbukira za a tcheyamani. Tili mkati modikira za DNS anabwera ndi mapepala amene anthu anasainira pamaphunziro, ati, "Mwanawe, ingolowetsa onsewa." Ndinawayankha mwaulemu kuti, "Bambo, awa anasainira kuti analipo, sanapemphe kalata." Dziko lino lili ndi lamulo loteteza uthenga wa anthu la 2024, loyang'aniridwa ndi MACRA, komanso munthu amene sanapemphe amangodina kuti ndi sipamu. Gmail imafuna madandaulo otere asafike 0.3 peresenti, ndiye kuti anthu atatu pa 1,000 alionse. Tinangoika linki ya fomu pagulu la WhatsApp, ofuna analembetsa okha.

DNS ikasinthidwa pamatenga maola, nthawi zina mpaka masiku awiri, kuti zigwire. Lembetsani nokha ndi imelo ina, muone mu "Show original" PASS pa mayeso atatu otsimikiza wotumiza, SPF, DKIM ndi DMARC, muyesenso linki yosiyira ija. Ndipo pasiwedi ya DNS mukaipeza, isungidwe ndi komiti, osati ndi munthu mmodzi wakunja.