Chilimba itandigwera, ndigule kamodzi kapena pang'onopang'ono?

Ine ndimafola pa 25, ndipo tsiku lomwelo K1,000 imapita kwa buloka kukagula masheya a kampani imodzi ya pa LuSE, msika wa masheya wa ku Lusaka, mtengo ukwere olo utsike. Apa palibe chosankha, munthu wa salale alibe mulu wa ndalama, amagula chabe mmene zikubwerera. Mutu unandizungulira pomwe chilimba ya kuntchito kuno ku Chipata inandigwera, K4,000 m'manja kamodzi.

Ndinakhala pansi ndi kabuku kuwerengera. Sheya inali pa K5, kuponya zonse tsiku lomwelo ndi masheya 800, tisanachotse ya buloka. Manje tinene ndagawa kanayi, K1,000 mwezi uliwonse, mtengo nkuyenda K5, K4, K4, K5, ndipeza 200, 250, 250 ndi 200, pamodzi 900, sheya iliyonse yandidyera K4.44. Koma ukayenda K5, K6, K7, K8 ndipeza 633 chabe, pomwe wogula kamodzi uja ali phee ndi 800 ake. Ndiye kugawa kumathandiza mtengo ukagwa nkudzukanso, ukamangokwera kumakudyera.

Apa mpomwe tchati ya mtengo wa sheya inalowera. Ndinayika mzere wa MA 200, umene ndi avareji ya mtengo pa masiku 200 a malonda apitawo, nkulemba lamulo m'kabuku ndisanayang'ane, kuti mtima usandinamize. Mtengo ukakhala pamwamba pa mzere, mzerewo ukulozanso kumwamba, ndiponya zonse. Ukakhala pansi ndigawa kanayi. Nditayang'ana unali pansi, ndinagawa.

Koma mzere uja umachedwa, umakuuza za kumbuyo osati za mawa, ndipo pa LuSE masheya ena amatha masiku osagulidwa, tchati imangogona fulati ngati kuli bata pomwe kulibe chabe ogulitsa. Yang'anani timizati ta Volume pansi pa tchati, toonetsa kuchuluka kwa masheya amene agulidwa, tikasowa musaukhulupirire kwambiri mzerewo. Oda yanga yoyamba inakhala masiku angapo isanadzale. Mufunsenso buloka ngati ali ndi chaji yochepetsetsa pa oda iliyonse, chifukwa ngati ilipo ndiye kugawa kanayi nkulipira kanayi.

Chimene chinandipweteka si tchati ai. K3,000 yodikira ija ndinaisiya pa foni, Novembala itafika amayi kumudzi anaimba kuti feteleza wachepa, mvula yayamba, ndani angakane? K1,000 inapita, gawo lachinayi sindinagule, ndipo sindidandaula za amayi koma ndinaona kuti ndalama yodikira pa foni imakhala ya banja lonse. Chilimba yotsatira ndinayamba ndapatula ya feteleza, yotsalayo ndinaitumiza yonse ku akaunti ya buloka tsiku lomwelo, nkumapereka oda mwezi ndi mwezi kuchokera kumeneko. K1,000 ya pa 25 ija sindiifunsira tchati, imangopita.