Kampani imodzi, mashedi awiri: sabata ya maperesenti 7

Lolemba foni inalira ndisanavule n'komwe jekete. Anali a wapampando a matrasiti a thumba lina lomwe ofesi yathu imalangiza kuno ku Blantyre. Thumbali ndi la bungwe lothandiza anthu, ndipo ndalama zake, pafupifupi madola 2 miliyoni zomwe anasiya opereka thandizo, zimakhala kunja m'masheya. Ife sitigula kapena kugulitsa. Ntchito yathu ndi kuwerenga malipoti ndi kuuza matrasiti ngati malamulo awo akutsatidwa.

"Achimwene, mwaona lipoti la osunga masheya? Taswa lamulo."

Lamulolo lili m'chikalata chawo cha kayendetsedwe ka thumba: gawo limodzi la msika lisapitirire 25 peresenti ya thumba lonse. Lipoti la banki yosunga masheya linkati gawo la `Financials`, kutanthauza mabanki, mainshuwaransi ndi ena ochita za ndalama, lafika 26 peresenti. Koma lipoti la kampani yomwe imagula ndi kugulitsa masheyawo, la tsiku lomwelo, linkati 19. A wapampando anali atagamula kale kuti wina akubisa kanthu, ndipo ankafuna kalata yolamula kuti masheya a madola oposa 20,000 agulitsidwe msanga. Ndinawapempha kuti andipatse mpaka Lachisanu.

Lachiwiri ndinayala malipoti awiriwo pakompyuta, uku ndi uku. Zikatere sindiyambira pa mayina a makampani, chifukwa wina amalemba dzina lonse, wina chidule. Ndimalumikiza mizere ndi nambala ya `ISIN`, ija ya zilembo ndi manambala 12 yomwe sisintha kaya lipoti walemba ndani. Chiwerengero cha masheya chinafanana, mitengo inafanana, chiwonkhetso chinafanana. Palibe tambala yomwe inasowa. Chosiyana chinali danga limodzi lokha, lolembamo gawo la kampani. Visa inali 4 peresenti ya thumba, Mastercard 3, ndipo 4 ndi 3 ndi 7 yemwe uja amalekanitsa 26 ndi 19. Lipoti loyamba linaika awiriwa ku `Financials`, lachiwiri ku `Industrials`, pamodzi ndi opanga mainjini ndi onyamula katundu.

Yankho linali kumapeto kwa malipoti, m'timalemba tating'ono tija tomwe palibe amawerenga. Wina amagwiritsa ntchito `GICS`, wina `ICB`. Awa ndi mabuku awiri a malamulo ogawira makampani. Loyamba analikonza makampani a MSCI ndi S&P mu 1999, ndipo lero lili ndi magawo akuluakulu 11 omwe amagawikagawika mpaka timagawo 163. Lachiwiri amaliyendetsa FTSE Russell, nalonso lili ndi magawo 11 pamwamba koma timagawo 173 pansi, ndipo ndi lomwe misika ya ku London ndi ku Johannesburg imatsatira. Alipo enanso, a Bloomberg ndi a Morningstar, aliyense ndi lake. Kuti onse awiri ali ndi magawo 11 n'komwe kumapusitsa anthu, poganiza kuti ndi chinthu chimodzi.

Lachitatu ndinakhala ndi amayi amene amatsogolera ofesi yathu, tikukonza mmene tikafotokozere matrasiti, anthu omwe ambiri ndi abusa ndi aphunzitsi opuma. Iwo anati ndiyambire mumsika wa Limbe. Mayi wogulitsa tomato ndi usipa pabenchi imodzi amakhala shedi iti, ya masamba kapena ya nsomba? Wodula tikiti wina ayang'ana chomwe chadzaza benchi, wina afunsa chomwe chimamubweretsera ndalama zambiri. Mayiyo ndi yemweyo, koma shedi ayenera kukhala nayo imodzi, chifukwa mabuku onsewa amapatsa kampani iliyonse kagawo kamodzi basi.

Nkhani ya Visa ndi yoteroyo, ngakhale pamenepa kusiyana sikuli pa kuwerenga ndalama. Onse awiri akugwirizana kuti Visa imapeza ndalama poyendetsa malipiro. Siikongoza munthu, siisunga ndalama za anthu ngati banki, ngakhale khadi yomwe ili m'thumba mwanu anakupatsani ndi banki yanu osati Visa. Iyo imangodya kachindapusa mukalipira. Mkangano uli poti kagawo ka oyendetsa malipiro kapachikidwe panthambi iti. A `ICB` amati iyi ndi ntchito yothandizira mabizinesi ena, monga ya alonda kapena ya opezera anthu ntchito, choncho ili ku `Industrials`. A `GICS` kwa zaka zambiri ankati ndi kampani ya makompyuta, mpaka mu Malichi 2023 pomwe anatsegula kagawo katsopano pansi pa `Financials` n'kusamutsirako Visa ndi Mastercard. Kampani imodzi yakhalapo m'mashedi atatu isanasinthe chomwe imagulitsa.

Zimenezi zinandifotokozeranso chinthu chomwe chinkandivuta patchati cha zaka zisanu cha lipoti loyamba: mzere wa `Financials` unkadumpha mwadzidzidzi kumayambiriro kwa 2023 pamene wa makompyuta unkatsika ndi muyeso wofanana. Munthu akhoza kulumbira kuti woyendetsa thumba anagulitsa uku n'kugula uko. Ayi ndithu, palibe sheya yomwe inasuntha. Chizindikiro chake n'chomwecho: gawo lina likakwera lina n'kutsika mofanana pamwezi umodzi, koma pamndandanda wa zogula ndi zogulitsa palibe kanthu, dziwani kuti lasintha ndi buku. Zinachitikanso mu 2018, pomwe a `GICS` anachotsa Alphabet, eni ake a Google, ndi Facebook ku makompyuta n'kuwaika ku `Communication Services` limodzi ndi makampani a mafoni, pamene a `ICB` amawawerengabe ku `Technology`.

Lachinayi ndiye tinadzipweteka tokha. Ndinauza mnyamata wathu watsopano kuti aphatikize malipoti awiriwo patebulo limodzi. Anachita mwanzeru ndithu, anaona kuti kampani iliyonse ili ndi nambala ya manambala 8 ndipo awiri oyambirira amaimira gawo lalikulu, ndiye analemba:

```
=LEFT(C2,2)
```

Atabwera nalo tebulo, ndinaona kampani ya mahotela ili pakati pa mabanki, ndipo Visa ili ndi makampani a mafoni. Ndinamufunsa, "Iwe, hotela yayamba liti kukongoza ndalama?" Iye, "Bwana, nambala yake ikuyamba ndi 40, ndiye ndi `Financials`." Vuto ndi loti mabuku onse awiri ali ndi manambala 8, koma tanthauzo n'losiyana. Ku `GICS` 40 ndi za ndalama, ku `ICB` 40 ndi `Consumer Discretionary`, zinthu zomwe anthu amagula m'thumba mukakhala bwino, ndipo za ndalama ndi 30. Visa ili ndi `40201060` kuno ndi `50205015` uko, ndipo 50 yemweyo ku `GICS` ndi mafoni. Sindinamukalipire kwambiri, chifukwa mutu wa danga m'mafayilo onse awiri unkangoti `Sector code`, osanena buku. Tinawonjezera danga lolemba dzina la buku pambali pa nambala iliyonse, n'kuyambiranso. Nkhomaliro inatipita, tinangotuma chips cha pamsewu.

Madzulo ake mnyamatayo anafunsa funso lomwe linandisangalatsa: nanga makampani a pamsika wathu wa Malawi Stock Exchange? Illovo siivuta, ndi shuga wa ku Nchalo ndi Dwangwa. Koma taganizani za Press Corporation, yomwe ili ndi gawo lalikulu mu National Bank, ili mu TNM, ilinso mu zofulula ethanolo. Apa ndi pomwe gwero lachiwiri la kusiyana limaonekera, loti kodi kukula kwa bizinesi tikuyeze ndi chiyani.

Ndinamujambulira kampani yongopeka pabolodi. Pa K100 iliyonse yolowa, K55 ikuchokera ku kugulitsa mafuta, K35 ku banki, K10 ku nyumba za lendi. Koma mafuta phindu lake n'lochepa, kotero pa K100 iliyonse ya phindu, K70 ndi ya banki. Buku lomwe limatsata gwero lalikulu la ndalama zolowa, monga `ICB`, likokera kampaniyi ku mafuta. Lamulo la `GICS` limafuna kuti bizinesi imodzi ipose 60 peresenti ya zolowa. Ikalephera, amayang'ana zolowa ndi phindu limodzi, amaganiziranso mmene ogula masheya amaionera kampaniyo, ndipo apa ziwirizi zikuloza mbali zosiyana, ndiye pamafunika munthu agamule. Pa kampani yomwazikana kwambiri a `GICS` ali nato timagawo tapadera, `Industrial Conglomerates` ndi `Multi-Sector Holdings`, ndipo kachiwirika n'komwe kuli Berkshire Hathaway. Palinso kamsampha ka maakaunti: bizinesi yomwe kampani ili nayo theka limodzi ndi mnzake nthawi zambiri siioneka pamzere wa zolowa, imangobwera ngati gawo la phindu, ndiye wowerenga zolowa zokha saiona n'komwe. Onjezani kuti wina wawerenga kale lipoti la chaka chino pamene mnzake akadali pa la chaka chatha.

Lachisanu tinakumana ndi matrasiti m'kachipinda kawo kufupi ndi Ginnery Corner. Ndinaika patebulo pepala limodzi lokha: 19, kuwonjezera 4, kuwonjezera 3. A wapampando analiyang'ana nthawi yaitali n'kufunsa, "Ndiye wolondola ndani, mwanawe?"

Ndinati onse awiri atsata buku lawo bwinobwino, cholakwika chili m'chikalata chathu, chomwe chinalembedwa kuti "gawo" osanena kuti gawo la buku liti. Anandikakamiza kuti ndinene maganizo anga, ndipo ndinanena. Lamulo la 25 peresenti analiika poopa kuti mabanki akagwa amagwera limodzi, ngongole zikaleka kubwezedwa. Visa ilibe ngongole zotero, imavutika anthu akachepetsa kugula. Pa mantha amenewo, 19 ndi yomwe ikunena zoona kuposa 26. Komabe ndinalangiza kuti asankhe `GICS`, pachifukwa chosakoma koma chogwira ntchito: mlozo, mndandanda wa masheya a pamsika womwe amafanizira nawo thumba lawo, ndi wa MSCI, ndipo kuyeza thumba ndi buku lina, mlozo ndi buku lina, n'kudzipangira mkangano womwewu kotala iliyonse.

Mayi wina wa m'komiti, yemwe anali mphunzitsi wa masamu, anagwira pomwe ine ndinkazemba. "Tikasankha limenelo ndiye kuti taswadi lamulo, si choncho?" Ndinavomera. Anagwirizana zinthu ziwiri: chikalata chitchule buku ndi dzina, komanso malire akadumphidwa chifukwa choti eni buku asamutsa kampani, osati chifukwa chogula, woyendetsa thumba apatsidwe masiku 90 okonzera m'malo mogulitsa mothamanga. Kalata yolamula kugulitsa sinalembedwe. Ine anandisiyira ntchito yowerengeranso malipoti a makotala 8 apitawo ndi buku limodzi, ndipo ndinapempha osunga masheya kuti atumize mafayilo ake pofika Lolemba.